Mutu wa kafukufuku ndili nawo, koma hayipothesesi ikundikana

Nachi_wa25
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili chaka chomaliza pa maphunziro a zaumoyo ndi ukhondo wa m'madera. Mutu wa pulojekiti yanga ndi wakuti "Zotsatira za kusowa ukhondo pa madzi akumwa ku Mtandire". Asupavaiza abweza pulopozo, angolemba ndi bolopeni yofiira kuti hayipothesesi ndi yosayeseka ndipo mavariyebulo sakuoneka. Yomwe ndinalemba ndi iyi: "Kusowa ukhondo kumaononga madzi akumwa ndipo kumaika miyoyo ya anthu pachiswe." Chalakwika n'chiyani pamenepa? Si zoona kodi?

Kadaunda
Ndi zoona, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Chiganizo choti palibe angachitsutse mukufuna mukachiyese chifukwa chiyani?

Gogo_Masamu
A Kadaunda ayankha mwachidule koma alasa. Mwana wanga, yesani chonchi. Yerekezani kuti kafukufuku watha, mapepala ali pa tebulo. Ndi manambala otani amene mutawaona mungavomere kuti munkaganiza molakwa? Ngati simungawatchule, ndiye kuti hayipothesesi mulibe.

M'chiganizo chanucho muli mawu atatu osagwirika. "Kusowa ukhondo" kungakhale chimbudzi chodzadza, mtaya wa zinyalala, kusasamba m'manja, kapena nkhumba zoyendayenda pabwalo. "Madzi akumwa" ku Mtandire alipo a pa kiyosiki, a pa mjigo, a pachitsime, ndi amene afika kale mu ndowa m'nyumba, ndipo aliwonse amaipa mwa njira yakeyake. "Kuononga" kungakhale kuda kwa madzi, mchere, nayitireti, kapena tizilombo tochokera m'chimbudzi. Pa mawu aliwonse sankhani chinthu chimodzi, zinazo muzisiye, ngakhale mtima uwawe.

Koma musanasankhe, yankhani ili kaye: mzere umodzi pa tebulo lanu la deta udzaimira chiyani? Munthu, banja, kapena chitsime? Mavariyebulo onse adzayenera kukhala zinthu zoti mungayeze pa chinthu chimenecho. Ophunzira ambiri amakodwa pompa. Amafunsa mafunso kwa amayi a m'nyumba, madzi n'kukatenga pachitsime chimene mabanja 8 amamwapo, pomaliza matebulo awiriwo osalumikizana.

Nachi_wa25
Chimene chinandikoka ndi zitsime zokumba pamanja, zija za m'mapuloti, chifukwa zambiri zili pafupi ndi zimbudzi. Ndiye mzere ukhale chitsime. Choyambitsa chikhale kuyandikana ndi chimbudzi, eti?

Gogo_Masamu
Mwayamba kuyenda tsopano. Koma "kuyandikana" sikulowa mu tebulo. Chimalowa ndi mtunda wa mamita kuchokera pakamwa pa chitsime kufika pa dzenje la chimbudzi chapafupi kwambiri. Imeneyo ndiye indipendenti variyebulo yanu, ija mukuiganizira kuti ikukankha inzake. Tsopano tiuzeni yokankhidwayo.

Jenala_waBunda
Dipendenti ikhale kolera basi. Tonse tinaona 2022 ndi 2023 mmene Lilongwe inavutikira, mpaka Januwale 2023 sukulu za mu mzinda zinachedwa kutsegulidwa. Lembani kuti mabanja a zitsime zapafupi ndi zimbudzi amadwala kolera kwambiri. Mutu woterowo komiti singaukane, ndipo mukaipuluva hayipothesesi imeneyo mwakhoza.

Mlangizi_Kauma
Achimwene, kolera sibwera chaka chilichonse mofanana. Achemwaliwa angayende makomo 100 osapeza wodwala ndi mmodzi yemwe, ndiye adzayerekeza ziro ndi ziro? Ngakhale atati kutsekula m'mimba wamba, vuto lina lilipo. Banja limodzi limamwa a pa kiyosiki ndalama ikakhalapo, a pachitsime mpope ukauma, mwana amamwanso kusukulu ndi kwa aneba. Mudzati wadwala ndi madzi ati?

Gogo_Masamu
Kuwonjezera apo, mukatenga matenda mzere wanu wasintha, wachoka pa chitsime wapita pa munthu. A Jenala anena chimodzi chokhoza: hayipothesesi izitchula magulu awiri ndi mbali imene mukuyembekezera. Koma mawu akuti kupuluva muwachotse m'kamwa. Deta imagwirizana ndi ganizo lanu kapena kulikana, ndipo zonse ziwiri ndi zotsatira zolembeka. Wophunzira amene walumbira kuti apuluva amayamba kutaya zitsime zosamumvera.

Mayi_aLabu
Dipendenti yoyezeka bwino apa ndi E. coli pa mamililita 100 a madzi. Timasankha ameneyu chifukwa kwawo ndi m'matumbo a anthu ndi nyama, ndiye akapezeka m'madzi timadziwa kuti chimbudzi chafikamo posachedwa. Malangizo a WHO amati m'madzi akumwa asapezeke ngakhale mmodzi pa mamililita 100.

Koma chenjerani. Mukalemba variyebulo yanu ngati "alimo kapena mulibe", mudzalira. Zitsime zosavundikira, zotunga ndi chidebe ndi chingwe, kawirikawiri zimatuluka kuti alimo, makamaka dzinja. Zapafupi alimo, zakutali alimo. Variyebulo imene ikupereka yankho limodzi pa mizere yonse singasonyeze kusiyana kulikonse, ngakhale kusiyanako kulipodi. Werengani kuchuluka kwake. Pali magawo amene anthu amagwiritsa ntchito: osakwana 1, 1 mpaka 10, 11 mpaka 100, ndi oposa 100. Pa zitsime zotere malire a 100 ndi amene angathe kugawa zitsime zanu pawiri.

Funsaninso labu yanu kuti imayeza chiyani kwenikweni. Zida zambiri zonyamula m'manja zimasefa madzi, sefayo n'kuikidwa mu inkyubeta pa madigiri 44 kwa maola pafupifupi 18, ndipo zimene mumawerenga ndi makolifomu opirira kutentha. Ambiri mwa iwo amakhala E. coli, koma si onse. Ngati labu ikuchita zimenezo, m'hayipothesesi mulembe zimenezo. Osalemba dzina lina pa pepala, kuyeza china pa benchi.

Tsabola47
Pepani kulowerera. Inenso wanga anabweza. Mutu ndi "Mmene mafoni akuonongera maphunziro a ana a sekondale mu Lilongwe". Ndingolemba kuti foni ndi indipendenti, maphunziro ndi dipendenti, ndatha?

Kadaunda
Mutu wanu wagamula kale mlandu. Mwati akuononga musanafunse ndi mwana mmodzi yemwe.

Gogo_Masamu
A Tsabola47, foni ndi chinthu, si variyebulo. Variyebulo ndi chimene chimasiyana mwana ndi mwana: maola amene wakhala pa foni pa sabata, kapena ngati ali ndi foni yakeyake. "Maphunziro" akhale malikisi a masamu pa mayeso amodzi amene ana onsewo analemba, chifukwa malikisi a sukulu ziwiri pa mayeso osiyana sayerekezeka. Ndipo dziwiranitu kuti ana okhala ndi mafoni nthawi zambiri amachokera m'mabanja opezako, amene amalipiranso maphunziro apadera. Mungapeze kuti a mafoni ndi amene akukhoza, foniyo isanachitepo kanthu. Vuto lomweli likuwadikira achemwali a zitsimewa, tifikapo.

Nachi_wa25
Ndayesa kulembanso: "Zitsime zokumba pamanja za ku Mtandire zimene zili pa mtunda wosakwana mamita 30 kuchokera ku chimbudzi zimakhala ndi E. coli wambiri kuposa zimene zili pa mamita 30 kapena kuposa." Mamita 30 ndawatenga mu miyezo ya Sphere, buku la malangizo a mabungwe othandiza anthu pa ngozi.

Mlangizi_Kauma
Chiganizo chakongola, koma pitani mukaone mapuloti kaye. Malo ngati Mtandire, Mgona kapena Chinsapo, puloti imodzi imakhala ndi nyumba ya alandilodi, mdadada wa nyumba za lendi, bafa, chimbudzi ndi chitsime. Kuseri kwa mpanda wa kapinga kuli chimbudzi cha aneba. Chitsime chokhala mamita 30 kutali ndi chimbudzi chilichonse mudzachisaka mpaka nsapato kutha. Zomwe anena Mayi_aLabu za variyebulo yosasintha zikugwiranso kuno: gulu lina lidzakhala ndi zitsime 75, lina 5.

Musanalembe nambala, tengani tepi ya mamita 50 ndi mnzanu wogwira mbali inayo, muyeze zitsime 20 kapena 30. Labu sikufunika pa ntchito imeneyi. Mudzaona pamene mitunda yaunjikana. Fomu yakale ya WHO yoyendera zitsime imafunsa ngati pali chimbudzi pasanathe mamita 10, mabuku ena amatchula 15. Sankhani malire amene ali ndi chifukwa cholembeka komanso akusiyirani zitsime zokwanira mbali zonse ziwiri.

Polemba tanthauzo, munene kuti chimbudzi chapafupi kwambiri, kaya ndi cha puloti yomweyo kapena ya aneba. Mukafunsa mwini puloti kuti chimbudzi chili kuti, amakulozerani chake, chimene anachiika dala kutali. Cha aneba chili mamita 6 kuseri kwa mpanda sachitchula.

Jenala_waBunda
Tepi ya chiyani masiku ano? GPS ya pa foni, pulogalamu yotolera deta ya KoboCollect imatenga malo yokha. Mfundo ziwiri, mtunda watuluka.

Mlangizi_Kauma
GPS ya foni imaphonya ndi mamita 5 kapena kuposa, makamaka pakati pa makoma ndi malata. Iphonye pa chitsime, iphonyenso pa chimbudzi, pamene malire anu ndi mamita 10 kapena 15. Chitsime chapafupi chidzagwera gulu lakutali. Pojambula mapu GPS ndi yabwino, poyeza mtundawu ayi. Pakakhala mpanda pakati, yezani kuchokera ku chitsime kufika pa mpanda, kenako kuchokera pa mpanda pomwepo kufika pa dzenje, motsata mzere umodzi wowongoka. Madzi apansi sazungulira pa geti.

Gogo_Masamu
Ine ndikanakonda mtunda usagawidwe n'komwe. Chitsime cha mamita 14 ndi cha mamita 16 n'zofanana, koma malire a 15 amaziika m'magulu awiri, pamene cha mamita 3 ndi cha 14 amaziika pamodzi. Mukasunga manambala enieni, hayipothesesi imakhala yakuti mtunda ukamakula E. coli amachepa, ndipo mumayesa ndi korileshoni ya Spearman, popeza manambala a tizilombo sayenda mwadongosolo: zitsime zambiri zili pa makumi, zochepa zili pa masauzande.

Mayi_aLabu
Apo agogo ndikutsutsaniko pang'ono. Pa pepala n'zoona, koma pa benchi manambala apamwamba ndi osadalirika. Mukasefa mamililita 100 a chitsime choipa, sefa yonse imadzadza, makoloni, timadontho ta tizilombo tomera pa sefayo, kuphatikizana, timangolemba TNTC, kutanthauza kuti achuluka osawerengeka. Kuti mupeze nambala muyenera kusefanso mamililita 10 ndi 1, ndiye masefa atatu pa chitsime chimodzi, ndalama katatu. Wophunzira wodzilipirira yekha angakwanitse mamililita 10 okha: makoloni akaposa 10 ndiye kuti madziwo aposa 100 pa mamililita 100, ndipo ngakhale sefa itadzadza, gulu lake likudziwikabe. Kwa woyamba kumene, magulu awiri ndi osavuta kuwateteza pamaso pa komiti.

Gogo_Masamu
Pa E. coli ndavomera. Pa mtunda sindinavomere, chifukwa tepi siipitsa manambala. Koma tiyeni titere: mu fomu mulembe mamita enieni nthawi zonse, monga 12.4, osangochonga kuti "pafupi". Kugawa mungagawe pambuyo, koma chimene munangochonga simungachibwezere ku mamita. Chachikulu, malirewo alembedwe mu pulopozo zotsatira za labu zisanatuluke. Mukayesa 10, kenako 15, kenako 20 mpaka p, nambala ya mayeso yoonera ngati kusiyanako kungabwere mwangozi chabe, atatsika pansi pa 0.05, mwasankha yankho ndinu, osati zitsime.

Wakabaza_Senti
Ine sukulu imeneyi sindinafikeko, koma ndifunse. Mukawapeza madziwo kuti ndi oipa, mudzawauza anthuwo? Chifukwa ofufuza amabwera ndi mabotolo, kutenga madzi, osaonekanso. Anthu amamwa pachitsime si chifukwa chokonda, mpope ukauma masiku angapo uchita bwanji?

Kadaunda
Funso la nzeru kuposa ena a madigiri pano.

Mlangizi_Kauma
Akunena zoona a Wakabaza. Zilembedwe mu pulopozo kuti mwini chitsime aliyense adzauzidwa zotsatira zake ndi chochita, monga kuthira kulorini m'madzi akumwa kapena kuwiritsa. Komiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku imafunsa zimenezi, kaya ndi ya sukulu yanu kapena ya dziko lonse ya NHSRC. Ndipo musalowe m'mapuloti ndi tepi musanaonekere ku ofesi ya zaumoyo, kwa amfumu ndi kwa mlangizi wa deralo. Munthu wachilendo woyeza malo, anthu amaganiza kuti akufuna kuwasamutsa.

Wakabaza_Senti
Akafuna wonyamula kulaboksi ndilipo, mtengo tikambirana.

Nachi_wa25
Hahaha ndakusungani akulu. Agogo, munati vuto la a Tsabola47 likundidikira. Ndi liti?

Gogo_Masamu
Ndi ili. Ganizirani mwini puloti yaikulu. Ali ndi malo oika chimbudzi kutali. Yemweyo ndi amene ali ndi ndalama yomangira chitsime ndi njerwa, kuika simenti mozungulira ndi chivundikiro pamwamba. Wa puloti yaing'ono chimbudzi chili pafupi, chitsime chake ndi dzenje chabe lokhala ndi tayala pakamwa, madzi a mvula amalowa kuchokera pabwalo. Mukapeza kuti zitsime zakutali ndi zoyera, chayeretsa ndi mtunda kapena chivundikiro? Chinthu chotere, choyenda limodzi ndi indipendenti komanso chokhudza dipendenti pachokha, ndi chimene timati konfaunda.

Njira zilipo ziwiri zoti mungakwanitse. Yoyamba, tengani zitsime za mtundu umodzi wokha, tinene zosavundikira zotunga ndi chidebe, ndipo mutu wanu unene choncho. Yachiwiri, tengani zonse koma mulembe kamangidwe ka chilichonse, kenako muyerekeze zapafupi ndi zakutali pakati pa zovundikira zokha, ndiponso pakati pa zosavundikira zokha. Yachiwiriyi imafuna zitsime zambiri, chifukwa tebulo lililonse latsala ndi theka.

Musalembe makonfaunda 15 pofuna kusangalatsa asupavaiza. Atatu kapena anayi oyezeka akwana: chivundikiro chilipo kapena palibe, simenti yozungulira ilipo yosasweka kapena ayi, kuya kuchokera pakamwa kufika pamadzi mu mamita, ndi ngati chimbudzicho chili kumtunda kapena kumunsi kwa chitsime. Chomalizachi n'chofunika ku malo otsetserekera ku Lingadzi, chifukwa madzi apansi osaya kawirikawiri amatsata kutsetsereka kwa nthaka. Chimbudzi cha mamita 8 kumunsi chingakhale chosaopsa kuposa cha mamita 20 kumtunda.

Ngakhale mutachita zonsezi, inu simunasunthe chimbudzi chilichonse, mwangoyeza zimene munazipeza. Choncho polemba muziti mtunda ukugwirizana ndi kuchuluka kwa E. coli, osati ukuyambitsa.

Mayi_aLabu
Katengedwe ka madzi nakonso kamasintha tanthauzo la variyebulo, ambiri sazindikira. Mukathira mu botolo kuchokera mu chidebe cha pachitsimepo, mwayeza chitsime, chidebe, chingwe chimene chimagona pa dothi, ndi manja a wotunga. Ngati funso lanu ndi la madzi amene anthu amamwa, imeneyo ndiye njira yoyenera. Koma funso lanu ndi la chimbudzi kudutsira pansi pa nthaka, ndiye mangani botolo lophedwa tizilombo pa chingwe choyera chokhala ndi cholemetsa, mulitsitse losakhudza makoma, limire pansi pa nkhope ya madzi koma lisafike pa matope. Njira imodzi pa zitsime zonse.

Mabotolo alowe mu kulaboksi ya ayisi nthawi yomweyo, ndipo afike pa benchi pasanathe maola 6. Tsiku lililonse muyende ndi botolo limodzi la madzi opanda tizilombo, mulitsegule ndi kulitseka kumundako ngati enawo. Likamera makoloni, dziwani kuti uve ukuchokera kwa inu, zotsatira za tsikulo n'zokayikitsa. Funsani ngati m'chitsimemo mwathiridwa kulorini masiku apitawa, ndipo mulembe pasadakhale kuti zoterozo mudzazisiya kapena mudzabwerako pakapita masiku angati. Pa botolo lembani nambala yokha, monga 017, kuti wowerenga makoloni asadziwe kuti ndi lapafupi kapena lakutali. Koloni yokayikitsa, munthu amaiwerengera mbali imene akuyembekezera. Funsaninso ngati inkyubeta ili ndi batire kapena jenereta, chifukwa magetsi akathima usiku kutentha kumatsika, m'mawa manambala ndi abodza.

Mlangizi_Kauma
Nyengo ilowenso m'chiganizocho. Okutobala madzi amatsika, zitsime zina zimauma. Januwale ndi Febuluwale madzi apansi amakwera, m'malo ena mpaka kukumana ndi dzenje la chimbudzi. Sphere yomweyo imati pansi pa dzenje pazikhala mamita 1.5 pamwamba pa madzi apansi, ndipo dzinja ndi pamene izi zimasweka. Komanso musatenge zapafupi zonse sabata yoyamba, zakutali sabata yachiwiri. Mvula yamphamvu ikagwa sabata imodziyo, mudzayeza mvula. Tsiku lililonse theka zapafupi, theka zakutali, ndipo mulembe ngati yagwa mvula maola 24 apitawo.

Nachi_wa25
Ndalemba zonse. Nanga zitsime zikhale zingati?

Jenala_waBunda
Fomula ija aliyense amagwiritsa ntchito:

```
n = N / (1 + N*e^2)
```

Ikani chiwerengero cha anthu a ku Mtandire, e akhale 0.05, mupeza pafupifupi 400. Yatha.

Kadaunda
Anthu 400 kapena zitsime 400? Mwaiwala kale mzere.

Gogo_Masamu
Fomula imeneyo ndi yoyerekezera peresenti imodzi pa gulu limodzi, monga kuti mabanja angati ali ndi chimbudzi. Apa tikuyerekeza magulu awiri, ndiye nambala imachokera mu hayipothesesi yomweyo: mukuyembekezera kusiyana kwakukulu bwanji? Manambala otsatirawa ndangowapeka pophunzitsira, inu mudzatenge anu pa kafukufuku woyeserera. Tinene kuti pa zapafupi 70 peresenti zidzaposa 100, pa zakutali 40 peresenti.

```
n = (1.96 + 0.84)^2 * (p1*(1-p1) + p2*(1-p2)) / (p1 - p2)^2
n = 7.84 * (0.21 + 0.24) / 0.09 = 39.2
```

Ndiye zitsime 40 pa gulu lililonse, zonse 80. Nambala ya 1.96 ndi ya malire a 0.05, ya 0.84 ndi yoti mukhale ndi mwayi wa 80 peresenti wogwira kusiyanako ngati kulipodi. Tsopano onani: kusiyana kukakhala kochepa, 60 ndi 50 peresenti, fomula yomweyo imafuna zitsime 385 pa gulu. Ndi zitsime 80 mungagwire kusiyana kwakukulu kokha, ndipo zimenezo muzilembe poyera.

Tiyeni tipitirize ndi manambala opeka omwewo kuti muone mathero ake. Hayipothesesi yotchedwa null, H0, imati magulu awiriwo sasiyana, pamene H1 ndi ganizo lanu loti akusiyana. Tinene zapafupi 28 mwa 40 zaposa 100, zakutali 16 mwa 40. Zonse pamodzi ndi 44 mwa 80, ndiye H0 ikanakhala yoona tikanayembekezera 22 mbali iliyonse. Ife tapeza 28 ndi 16. Mayeso a kayisikweya amatulutsa 7.27, p pafupifupi 0.007, H0 yakanidwa. Muzinenanso kukula kwake: 70 peresenti pa 40 peresenti, kutanthauza kuwirikiza ka 1.75. Koma mutapeza 24 ndi 20, kayisikweya ndi 0.81, p pafupifupi 0.37. Pamenepo simunena kuti mtunda ulibe ntchito. Mumati ndi zitsime 80 simunapeze umboni wa kusiyana. Funso langa loyamba lija, la manambala amene angakutsutseni, yankho lake ndi ngati limeneli.

Jambulani tebulo la mabokosi anayi limeneli lopanda manambala, muliike mu pulopozo. Supavaiza akaliona amadziwa kuti wophunzira akudziwa kumene akupita.

Tsabola47
Ndiye kafukufuku aliyense ayenera kukhala ndi H0 ndi H1? Mnzanga akufunsa amayi chifukwa chimene amasankhira chitsime kusiya kiyosiki, nayenso akuvutika kulemba.

Gogo_Masamu
Ayi, asadzivute. Amene akufuna kumva zifukwa za anthu pocheza nawo amakhala ndi mafunso a kafukufuku, osati hayipothesesi. Chimodzimodzi wongofuna kudziwa kuti zitsime zingati ndi zoipa. H0 imabwera pamene mukuyerekeza magulu kapena kuona ngati zinthu ziwiri zoyezeka zikuyendera limodzi.

Nachi_wa25
Nayi yatsopano, malire ndaika 15 mongoyembekezera mpaka nditayenda ndi tepi.

H1: Pakati pa zitsime zokumba pamanja, zosavundikira, za ku Mtandire, m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, gawo la zitsime zokhala ndi E. coli woposa 100 pa mamililita 100 ndi lalikulu pa zimene chimbudzi chapafupi kwambiri chili pasanathe mamita 15, kuyerekeza ndi zimene chili pa mamita 15 kapena kuposa.

H0: Gawo limeneli silisiyana pakati pa magulu awiriwa.

Mutu ndausintha kukhala "Mtunda wa chimbudzi ndi kuchuluka kwa E. coli m'zitsime zosavundikira ku Mtandire m'nyengo ya mvula".

Jenala_waBunda
Mwanena kuti "lalikulu", ndiye yesani mbali imodzi yokha. Zitsime zofunika zichepa, p atsika theka. Palibe angaganize kuti kuyandikira chimbudzi kumayeretsa madzi.

Gogo_Masamu
Pa masamu a Jenala sakunama, koma ine sindilangiza choncho. Zotsatira zingatuluke mozondoka, mwachitsanzo ngati eni zitsime zapafupi ndi amene amathira kulorini pafupipafupi chifukwa cha mantha, ndipo mayeso a mbali imodzi sangakuloleni kunenapo kanthu. Nambala ya 40 ija ndawerengera mbali ziwiri. Aphunzitsi amasiyana pa nkhaniyi, ena amafuna H1 ingoti "ndi losiyana" kuti igwirizane ndi mayesowo. Funsani asupavaiza anu, chimene mugwirizane chilembedwe deta isanabwere.

Mlangizi_Kauma
Chatsala chimodzi chimene tepi idzakufunsani tsiku loyamba. Zimbudzi zodzadza zimene anakwirira n'kubzalapo nthochi, mudzaziwerenga? M'mapuloti akale zimakhalapo ziwiri kapena zitatu, ndipo nthawi zambiri ndi zimene zili pafupi ndi chitsime. Nanga chimbudzi chogejemula cha thanki, nanga khola la nkhumba?

Mayi_aLabu
Kwa E. coli ine ndingawerenge zimene zikugwira ntchito zokha, chifukwa m'dzenje losiyidwa amafa m'kupita kwa miyezi. Mukanakhala mukuyeza nayitireti ndikanati muwerenge zonse, iyeyo amakhalitsa. Khola likhale ndi funso lakelake pa fomu, lilipo pasanathe mamita 10 kapena palibe, popeza labu singasiyanitse E. coli wa nkhumba ndi wa munthu pa njira imeneyi.

Mlangizi_Kauma
Chovuta n'chakuti "chinasiya kugwira ntchito liti" mudzamva kwa alendi amene alowa mwezi watha. Ine ndingawerenge chilichonse chokwiriridwa chaka chisanathe.

Mayi_aLabu
Chaka chachuluka, ndipo adzatsimikiza bwanji? Variyebulo yodalira kukumbukira kwa alendi ndi yofooka kuposa yoona ndi maso.

Nachi_wa25
Ndiye pa ulendo wa tepi uja ndiyeze mitunda iwiri, wa chimbudzi chogwira ntchito ndi wa dzenje lokwiriridwa ngati likuoneka, m'mabokosi awiri osiyana. M'hayipothesesi ndiikemo chogwira ntchito. A Mlangizi_Kauma, dzenje lokwiriridwa ndidzalizindikira bwanji ngati palibe wondiuza?

Mlangizi_Kauma
Yang'anani pafupi ndi chimbudzi chatsopano, anthu sakumba kutali ndi chakale. Nthaka imakhala yotitimira pang'ono, pena pali zidutswa za silabu kapena mitengo yowola, ndipo nthochi kapena papaya wa pamenepo amabiriwira kuposa ena onse pa pulotipo. Mukakayika funsani alandilodi kapena aneba okhalitsa, osati alendi, ndipo pa fomu muike bokosi losonyeza ngati mwaona nokha kapena mwauzidwa.